Mizinda yotchedwa mayina a oyambitsa ndi ofufuza malo

Mizinda yotchedwa mayina a oyambitsa ndi ofufuza malo ndi mizinda imene dzina lake linatengedwa ku dzina la munthu amene anaumanga, amene anatuma ena kukaumanga, kapena amene anafika pamalopo paulendo wofufuza dziko. Mayina otere alipo m'makontinenti onse, koma kum'mwera ndi pakati pa Africa ambiri mwa iwo anabwera ndi atsamunda, makamaka pakati pa zaka za 1850 ndi 1910. Mayikowa atalandira ufulu, mayina ambiri anachotsedwa: Fort Johnston anakhala Mangochi, Fort Jameson anakhala Chipata, Salisbury anakhala Harare, ndipo Lourenço Marques anakhala Maputo. Ena sanasinthidwe. Mzinda wa Livingstone ku Zambia udakali ndi dzina lake, chimodzimodzinso Livingstonia ndi Blantyre ku Malawi, Brazzaville ku Congo ndi Pretoria ku South Africa.

Kusiyana kumeneku kukuonetsa kuti dzina silinkachotsedwa chifukwa chongoti ndi lachizungu. Chimene chinkalemera kwambiri ndi zimene anthu a pamalopo ankakumbukira za mwini dzinalo, ndiponso ngati panali dzina lina lachikuda limene onse akanalivomereza.

Mmene mayinawa ankabwerera

Kawirikawiri munthu amene mzinda unatchedwa dzina lake si amene anaumanga. Lord Salisbury anali nduna yaikulu ya dziko la Britain pamene gulu la Cecil Rhodes linamanga linga lotchedwa dzina lake mu Seputembala 1890, ndipo iye sanapondeko kumeneko. Lourenço Marques anali woyendetsa zombo wa Chipwitikizi amene anayendera gombe la kum'mwera kwa Mozambique cha m'ma 1544, zaka mazana ambiri mzinda usanakule. David Livingstone anamwalira mu 1873, pamene tauni ya Livingstone inamangidwa patapita zaka zoposa makumi atatu.

Dzina linali njira yolemekezera bwana, yokopera thandizo kwawo ku Ulaya, ndiponso yoonetsera mayiko ena kuti malowo ali kale ndi mwini. Dzina la Chingerezi likalembedwa pa mapu osindikizidwa ku London, Apwitikizi ndi Ajeremani ankadziwa kuti akafuna malowo ayenera kukangana ndi Britain. Eni nthaka sankafunsidwa. Iwo ankapitiriza kutchula malowo monga ankachitira kale, kapena ankapeka dzina lawo. Ku Blantyre, mwachitsanzo, anthu anatcha John Moir wa kampani ya zamalonda ya ku Scotland kuti Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala, ndipo dzinalo linakhazikika pa nyumba ya kampaniyo ndi dera lonselo. Ili ndi dzina lochokera kwa mzungu, koma palibe amene amalimva ngati lachilendo, poti analipereka ndi eni dera.

Sikuti kutchula malo dzina la munthu ndi mwambo wa ku Ulaya kokha ayi. Midzi yambiri ya ku Malawi ndi ku Zambia imadziwika ndi dzina la nyakwawa yake, ndipo Lusaka ndi dzina la mfumu ya mudzi umene unali pafupi ndi pamene njanji inadutsa. Mkangano suli pa mwambowo koma pa munthu amene akukumbukiridwayo.

Malinga: Fort Johnston ndi Fort Jameson

Mayina amene anachoka msanga komanso popanda phokoso ndi a malinga a asilikali. Fort Johnston anamangidwa mu 1891 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pafupi ndi pamene mtsinjewu umatulukira m'nyanja ya Malawi, moyang'anizana ndi mudzi wa mfumu Mponda ya Ayao. Linatchedwa dzina la Harry Johnston, kazembe woyamba wa Britain m'dzikoli, amene analamulira kuchokera mu 1891 mpaka 1896. Boma la atsamunda linkati cholinga cha lingali chinali kutseka njira ya malonda a akapolo yopita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo zimenezi zinali zoona ndithu. Koma nkhondo zomwezo ndi zimene zinalanda mafumu mphamvu, ndipo pambuyo pake panabwera msonkho wa nyumba. Kwa anthu a kumeneko dzina la Johnston linkakumbutsa mfuti ndi msonkho. Ufulu utabwera mu 1964, tauniyi inapatsidwa dzina la Mangochi, lomwe ndi la phiri la m'boma lomwelo. M'zaka zomwezo Fort Manning anakhala Mchinji, Fort Hill anakhala Chitipa, ndipo Port Herald, amene dzina lake linali la sitima yankhondo, anakhala Nsanje.

Nkhani ya Fort Jameson ndi yoonekeratu kuposa pamenepa. Leander Starr Jameson anali dzanja lamanja la Cecil Rhodes, ndipo amadziwika kwambiri ndi nkhondo yolimbana ndi Amandebele mu 1893 komanso chiwembu cholephera choukira boma la Transvaal kumapeto kwa 1895. Tauni yotchedwa dzina lake inakhazikitsidwa Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898. Pa nkhondoyo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa nkuwomberedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri za Angoni zinalandidwa. Tauniyi inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Zambia italandira ufulu, panalibe chifukwa chosungira dzina lotere, ndipo dzina lolowa m'malo linali pafupi. Chipata ndi mawu wamba otanthauza polowera, ndipo akunena za mpata wa pakati pa mapiri umene njira imadutsamo. Dzinali silikweza mfumu iliyonse kapena mtundu uliwonse, choncho Mngoni, Mchewa ndi Mnsenga akhoza kulitchula popanda wina kudandaula. Matauni ena a ku Zambia anatsata njira yomweyo: Abercorn anakhala Mbala, Fort Rosebery anakhala Mansa, ndipo Broken Hill anakhala Kabwe.

Dzina la Livingstone

Pakati pa kusintha konseku, mzinda wa Livingstone unatsala. Pa mizinda ikuluikulu ya ku Zambia, ndi wokhawo umene udakali ndi dzina la mzungu.

David Livingstone anafika pa mathithi a mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1855, ataperekezedwa ndi Amakololo a mfumu Sekeletu. Amakololowo ankatchula mathithiwa kuti Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi umene umagunda ngati bingu, ndipo Atonga anali ndi dzina lawo lakuti Shungu Namutitima. Livingstone anawapatsa dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Iye sanamange chilichonse pamalopo. Azungu oyamba kukhala kumeneko anamanga pa dooko lotchedwa Old Drift, kumtunda kwa mathithi, pomwe ngolo zinkawolokera. Malowa anali achinyezi ndipo malungo anapha anthu ambiri. Mlatho wa njanji utamalizidwa mu 1905, dooko linasiya kugwira ntchito, ndipo boma linasamutsira anthu pa chitunda cha mchenga chimene chili makilomita pafupifupi khumi kuchokera pa mathithi. Pamenepo ndi pamene panakhala tauni ya Livingstone, m'dziko la Aleya a mfumu Mukuni. Mu 1911 inakhala likulu la Northern Rhodesia, kufikira mu 1935 pamene likulu linasamukira ku Lusaka.

Tauniyi sinali yosiyana ndi matauni ena a atsamunda. Azungu ankakhala pakati, pamene anthu akuda ankakhala m'makomboni a kumbali monga Maramba. Dzina la Maramba ndi la kamtsinje kodutsa pamenepo, ndipo ndi lakale kuposa tauniyo. Ndi dzina limeneli limene limatchulidwa nthawi zonse nkhani yosintha dzina la mzindawu ikabuka. Choncho sitinganene kuti Livingstone anatsala chifukwa chosowa dzina lina.

Chifukwa choyamba chinali mbiri ya munthuyo. Livingstone sanabwere ndi asilikali, sanalande malo, ndipo sanatolere msonkho. Chimene amakumbukiridwa nacho m'derali ndi kudana kwake ndi malonda a akapolo. Mu Julayi 1861, pa mudzi wa Mbame m'mapiri a Shire, iye ndi anzake anamasula gulu la anthu amene ankapita nawo ku Tete atamangidwa m'magoli, ndipo anthuwa ndi amene anayamba mudzi wa mishoni ya ku Magomero. Zimene analemba zokhudza malondawa zinathandiza kuti boma la Britain likakamize sulutani wa ku Zanzibar kutseka msika wa akapolo mu 1873. Atamwalira m'mudzi wa Chitambo chaka chomwecho, mtima wake unakwiriridwa pansi pa mtengo komweko, ndipo omutsatira, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula mtembo wake mpaka kugombe ku Bagamoyo.

Chifukwa chachiwiri chinali anthu amene anatsogolera mayikowa pa ufulu. Bambo ake a Kenneth Kaunda, a David Kaunda, anali a ku Nyasaland, ndipo anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia asanatumizidwe kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Kenneth Kaunda anabadwira pa mishoni ya Lubwa mu 1924, ndipo moyo wake wonse ankalankhula za Livingstone ngati munthu amene anamenyera ufulu wa anthu akuda. Ku Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirako udokotala ku Edinburgh ndipo anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, mpingo umene unadzudzula poyera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso kumangidwa kwa atsogoleri a chipani cha Congress mu 1959. Kwa atsogoleri oterewa, mishoni za ku Scotland zinali mbali ina ndipo boma la atsamunda linali mbali ina. Umboni wooneka bwino wa kusiyanitsa kumeneku uli mu mzinda wa Livingstone momwemo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa kumeneko mu 1934 inakhala zaka zambiri ikudziwika ndi mayina awiri, la Rhodes ndi la Livingstone. Ufulu utabwera, la Rhodes linafufutidwa, la Livingstone nkutsala.

Chifukwa chachitatu ndi ndalama. Mzindawu umadalira alendo odzaona mathithi, ndipo eni mahotela ndi makampani oyendetsa alendo amaona dzinali ngati chuma, chifukwa ndi lodziwika kale kunja ndipo silifuna kufotokozera. Tsidya lina la mtsinje, ku Zimbabwe, zinthu zili chimodzimodzi. Kumapeto kwa 2013 msonkhano wa chipani cholamula cha ZANU-PF unagwirizana zoti dzina la Victoria Falls lisinthidwe kukhala Mosi-oa-Tunya, koma tauniyo idakali ndi dzina lake lakale. Bungwe la UNESCO, limene linaika mathithiwa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1989, limagwiritsa ntchito mayina onse awiri pamodzi.

Ofuna kusintha dzinali ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Iwo amati ngakhale Livingstone sanagwire mfuti yolandira dziko, ulendo wake wa pa Zambezi wa 1858 mpaka 1864 unalipiridwa ndi boma la Britain, iye ali kazembe wa bomalo. Pamene Britain ndi Portugal ankalimbirana mapiri a Shire, maulendo ake ndi mishoni zomutsatira ndi zimene Angerezi ankaloza ngati umboni woti dzikolo ndi lawo, ndipo mu 1891 linakhaladi lawo. Amatinso kunena kuti iye anatulukira mathithi ndi kunyoza anthu amene anamulondolera njira ndi kumupalasira bwato. Pa mfundo imeneyi palibe choyankha: anthu anakhala pafupi ndi mathithiwo mibadwo yambiri iye asanabadwe, ndipo palibe mzinda waukulu umene uli ndi dzina la Susi kapena Chuma.

Zimene zachitika ndi kugawana mayina m'malo mosintha dzina la mzinda. Msewu waukulu wa mu Livingstone umatchedwa Mosi-oa-Tunya, chimodzimodzinso malo osungira nyama a m'mbali mwa mtsinje. Mu 2011 pulezidenti Michael Sata anatcha bwalo la ndege la mzindawu dzina la Harry Mwaanga Nkumbula, mtsogoleri wa ndale wa m'chigawo cha kum'mwera. Mlendo amatera pa bwalo la Nkumbula, nkuyenda pa msewu wa Mosi-oa-Tunya, koma tikiti yake imanena kuti wafika ku Livingstone.

Ku Malawi mayina awiri amachokera kwa munthu yemweyu. Livingstonia poyamba silinali dzina la malo koma la mishoni, ndipo linayenda nayo: ku Cape Maclear mu 1875, ku Bandawe mu 1881, kenako pa phiri la Khondowe mu 1894, motsogozedwa ndi Robert Laws. Blantyre, amene anayamba ngati mishoni mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, ali ndi dzina la tauni ya ku Scotland kumene Livingstone anabadwira mu 1813. Malo onsewa ali ndi mayina ena amene sanafe. Anthu a ku Rumphi amatchulabe Khondowe, a ku Cape Maclear amadziwa mudzi wawo kuti ndi Chembe, ndipo Kabula limamvekabe ngati dzina la Blantyre. Komabe mayina a Livingstonia ndi Blantyre ndi mayinanso a masinodi a mpingo wa CCAP, ndipo kwa akhristu ambiri amamveka ngati a mpingo wawo, osati a atsamunda.

Chitsanzo chofanana chili pa mtsinje wa Congo, pomwe malikulu awiri amayang'anizana. Mu 1966 boma la Mobutu linasintha Léopoldville kukhala Kinshasa ndi Stanleyville kukhala Kisangani, kuchotsa mayina a mfumu Leopold ya ku Belgium ndi Henry Morton Stanley, amene mbiri yawo ndi ya nkhanza. Tsidya linalo, Brazzaville anasunga dzina la Pierre Savorgnan de Brazza, amene anakhazikitsa malowo mu 1880 ndipo amakumbukiridwa ngati munthu wofatsa poyerekeza ndi anzake. Mu 2006 mafupa ake anatengedwa ku Algiers nkukaikidwa m'manda aakulu mu mzindawo, ngakhale anthu ena a ku Congo anadandaula kuti ndi ndalama zambiri zolemekezera mtsamunda.

Vuto la dzina lolowa m'malo

Kuchotsa dzina ndi theka chabe la ntchito. Pamene Salisbury anakhala Harare pa 18 Epulo 1982, dzinalo linali kale la komboni yakale ya anthu akuda mu mzindawo, ndipo kombonijo inayenera kupatsidwa dzina lina, la Mbare. Fort Victoria anayamba watchedwa Nyanda, kenako nkusinthidwanso kukhala Masvingo pasanapite nthawi. Koma m'mayiko amene boma linali ndi mphamvu zonse m'manja, monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe m'zaka zoyamba za ufulu, lamulo likatuluka nkhani inkathera pomwepo. Ku South Africa kusinthaku kunayamba pambuyo pa 1994, pansi pa malamulo olola nzika iliyonse kutengera boma kukhoti, ndipo ndi kumeneko kumene mkanganowu umaonekera mbali zake zonse.

Lamulo la 1998 la dzikolo linakhazikitsa bungwe loona za mayina a malo. Munthu aliyense, gulu kapena khonsolo ikhoza kupempha kuti dzina lisinthidwe. Pempholo limayamba kuunikidwa ndi komiti ya m'chigawo, imene iyenera kuonetsetsa kuti anthu okhudzidwa afunsidwa maganizo. Kenako limapita ku bungwe la dziko lonse, lomwe silisintha dzina koma limangolangiza nduna yoona za chikhalidwe. Nduna ikavomereza, dzina latsopano limalengezedwa mu gazeti ya boma, ndipo wosakhutira ali ndi mwezi umodzi woti akadandaule kwa ndunayo. Akakanidwa, akhoza kupita kukhoti. Khoti siliweruza kuti dzina labwino ndi liti. Limangoona ngati ndondomeko inatsatidwa, ndipo pamene pamagwa milandu yambiri ndi pa kufunsa anthu.

Mlandu wa Louis Trichardt

Louis Trichardt ndi tauni ya kumpoto kwa chigawo cha Limpopo, m'munsi mwa mapiri a Soutpansberg, pa msewu wa N1 wochokera ku Beitbridge umene mabasi ambiri ochokera ku Malawi amadutsa popita ku Johannesburg. Dzinali ndi la mtsogoleri wa gulu lina la Mabunu amene anachoka ku Cape ndi ngolo zawo, nakhala kanthawi m'derali mu 1836 ndi 1837. Iye anapitirira ulendo wopita kunyanja, ndipo anafa ndi malungo ku Lourenço Marques mu 1838. Tauniyi inamangidwa mu 1899, Mabunu atangogonjetsa Avenda a mfumu Mphephu.

Mu 2003 nduna inavomereza kuti tauniyi itchedwe Makhado, dzina la bambo ake a Mphephu, mfumu ya Avenda imene inathamangitsa Mabunu m'mudzi wawo wa Schoemansdal mu 1867 ndipo inakana kuwagonjera mpaka imfa yake mu 1895. Kwa Avenda ambiri zinali zomveka kuti dzina la wolanda lichoke, libwere la amene anakana kulandidwa.

Otsutsa sanali azungu okha. Gulu limene linakasuma linali ndi amalonda ndi anthu a mitundu ingapo, ndipo ena mwa olankhula Chitsonga ankati Makhado ndi mfumu ya Avenda, osati yawo, mwakuti kuika dzina lake pa tauni ya onse kunali kungosintha wolamulira. Mu 2007 khoti lalikulu la apilo linathetsa chigamulo cha nduna. Chifukwa chake chinali chakuti nduna inauzidwa kuti anthu anafunsidwa mokwanira pamene sizinali choncho, ndiye chigamulo chake chinakhazikika pa uthenga wolakwika. Dzina linabwerera kukhala Louis Trichardt. Boma linayambiranso, ndipo mu 2011 dzina la Makhado linalengezedwa kachiwiri. Mu 2014 khoti la ku Pretoria linalithetsanso. Patatha zaka khumi ndi chimodzi za milandu ndi kusinthasintha zikwangwani, tauniyo inatsala ndi dzina la Louis Trichardt, pamene khonsolo yolamulira dera lonselo imatchedwa Makhado.

Mlanduwu ukuonetsa kusiyana kwa Chipata ndi Makhado. Dzina la mpata wa mapiri silifuna kuti wina agonje. Dzina la mfumu, ngakhale yolimba mtima chotani, limadzutsa funso lakuti ndi mfumu ya yani. Izi sizikutanthauza kuti dzina la munthu silingatheke: mu 2018 Grahamstown, amene anali ndi dzina la msilikali John Graham, anakhala Makhanda, dzina la mtsogoleri wa Axhosa amene anaukira tauniyo mu 1819, ndipo ngakhale panali osuma, dzinalo linakhazikika. Malawi nayenso anaonapo kusakhazikika kwa mayina a anthu. Pambuyo pa 1994 dzina la Kamuzu linachotsedwa pa bwalo la ndege ndi pa chipatala chachikulu ku Lilongwe komanso pa bwalo la masewero ku Blantyre, ndipo mu 2004 boma la Bingu wa Mutharika linalibwezeretsa.

Pretoria ndi Tshwane

Pretoria anakhazikitsidwa mu 1855 ndi Marthinus Pretorius, amene anautcha dzina la bambo ake, Andries Pretorius, mtsogoleri wa Mabunu pa nkhondo yolimbana ndi Azulu pa mtsinje wa Ncome pa 16 Disembala 1838. Kwa azungu ambiri olankhula Chiafirikanzi dzinali ndi gawo la mbiri ya mtundu wawo. Kwa anthu akuda ambiri, mawu oti Pretoria ankatanthauza boma la tsankho lenilenilo, popeza ndi kumeneko kumene malamulo a mapasi ankayendetsedwera ndiponso kumene omenyera ufulu ankanyongedwera.

M'chaka cha 2000 makhonsolo a m'derali anaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi yaikulu yotchedwa Tshwane. Mu 2005 khonsoloyo inavotera kuti mzindawo nawo utchedwe Tshwane, ndipo bungwe loona za mayina linavomereza mu Meyi chaka chomwecho. Koma sitepe yomaliza, ya nduna, sinakwaniritsidwe. Kumayambiriro kwa 2010 dzinalo linatulukadi mu gazeti ya boma, koma chilengezocho chinachotsedwa patangopita masiku ochepa. Choncho mwalamulo Pretoria ndi mzinda umene uli m'kati mwa khonsolo ya Tshwane, ndipo munthu amatha kuona mayina onse awiri pa ulendo umodzi.

Khonsolo itaona kuti dzina la mzinda lakanika, inatembenukira ku misewu, imene ili m'manja mwake. Mu 2012 inasintha mayina a misewu yoposa makumi awiri. Msewu wautali wa Church Street unagawidwa zigawo zinayi zokhala ndi mayina a Stanza Bopape, Helen Joseph, WF Nkomo ndi Elias Motswaledi. Bungwe la AfriForum linatenga chiletso kukhoti chokakamiza khonsolo kubwezeretsa zikwangwani zakale, koma mu Julayi 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linachotsa chiletsocho, ndipo mayina atsopano anakhala.

Mtengo wake ndi zimene zimatsala

Pa mkangano uliwonse wotere pamabuka nkhani ya ndalama. Dzina likasintha, pamafunika zikwangwani zatsopano za m'misewu, mapu, zidindo ndi mapepala a maofesi, ndipo amalonda amasintha makeyala awo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Otsutsa amati ndalamazo zikanakonza mipope ya madzi ndi misewu. Ofuna kusintha amayankha kuti zikwangwani zimatha ndipo zimasinthidwa kale nthawi ndi nthawi, komanso kuti nkhani ya ndalama imatchulidwa pokhapokha dzina lochotsedwalo likakhala la mzungu. Chimene chimawonongadi ndalama, monga zinachitikira ku Louis Trichardt, ndi kusintha kawiri kapena katatu chifukwa cholumpha ndondomeko.

Dzina lakale silifafanizika kulikonse. Limatsala m'zikalata za malo, m'makalata a ubatizo ndi m'mabuku a mbiri, mwakuti wophunzira wofufuza za Mchinji m'mabuku a m'nthawi ya atsamunda ayenera kufunafuna Fort Manning, ndipo wofufuza za Ulongwe ku Angonia ayenera kudziwa dzina la Vila Coutinho. Limatsalanso m'zilembo zitatu zimene makampani a ndege amagwiritsa ntchito, chifukwa sizisinthidwa wambawamba. Mzinda wa Port Elizabeth unakhala Gqeberha mu Febuluwale 2021, koma katundu wa okwera ndege opita kumeneko amamatidwabe chizindikiro cha PLZ. Nthawi zina chotsalacho chimakhala cha njerwa: ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, padakali nsanja ya wotchi yokumbukira mfumukazi Victoria imene inamangidwa tauniyo ikadali Fort Johnston.